Kuthetsa mgwirizano wa thiraka kapena alamu mukagulitsa galimoto

Mgwirizano wa thiraka, kachipangizo kolondolera komwe galimoto ili, umamangidwa pa dzina la munthu, osati pa galimoto. Kampani yolondolera galimoto sidziwa kuti mwagulitsa, ndipo ofesi yosintha umwini wa magalimoto siyiuza kampaniyo kanthu. Kachipangizo kamene kanabisidwa m'galimotomo kamapitiriza kutumiza uthenga monga kale, kampani nayo imapitiriza kudula ndalama ku akaunti yanu mwezi ndi mwezi, ngakhale makiyi ali m'thumba mwa munthu wina. Anthu ambiri amazindikira zimenezi patapita miyezi itatu kapena inayi, akamayang'ana sitetimenti ya ku banki pa zifukwa zina. Pofika pamenepo ndalamazo zimakhala zovuta kubweza, chifukwa kampaniyo imati ntchito inkagwiridwa ndipo palibe anaiuza kuti isiye.

Choncho ntchito yothetsa mgwirizano iyambe wogula asanapezeke n'komwe, ngati n'kotheka. Ngati galimoto yapita kale, ndondomeko yake ndi yomweyi, kungoti muyenera kuthamanga.

Yambani ndi pepala limene munasaina

Musanaimbe foni, pezani mgwirizano wanu. Ngati pepalalo linatayika, pemphani kampani ikutumizireni lina pa imelo, koma musanene kaye kuti mukufuna kuchoka, chifukwa mukatero amakulumikizani ndi anthu amene ntchito yawo ndi kukunyengererani kuti musachoke. Mu mgwirizanomo muli zinthu zinayi zofunika kuziona, zina zonsezo mukhoza kudzawerenga pambuyo.

Choyamba ndi kutalika kwa mgwirizano. Ina imakhala ya mwezi ndi mwezi, ina ya miyezi 12, 24 kapena 36. Nthawi zambiri mgwirizano wautali ndi uja munauzidwa kuti kachipangizo ndi kukaika komwe ndi zaulere. Ulere umenewo ndi wa pakamwa chabe: mtengo wa kachipangizoko anaugawa m'ndalama ya mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake mukachoka nthawi isanakwane amafuna mulipire yotsalayo.

Chachiwiri ndi notisi, ndiye kuti nthawi imene muyenera kuwadziwitsiratu musanachoke. Apa werengani mofatsa, chifukwa "masiku 30" ndi "mwezi wathunthu wa pakalendala" si chinthu chimodzi. Ngati palembedwa masiku 30, amawerenga kuyambira tsiku limene alandira kalata yanu. Ngati palembedwa mwezi wathunthu, masiku otsala a mwezi umene mulimowo sawerengedwa. Kalata yofika pa 2 Juni imathetsa mgwirizano pa 31 Julayi, pomwe ikanafika pa 31 Meyi ikanauthetsa pa 30 Juni. Masiku awiri ochedwa, ndalama ya mwezi wonse.

Chachitatu, kachipangizoko ndi kandani? Ngati munakagula, ndi kanu, mukhoza kukasiya m'galimoto, kukachotsa kapena kukasamutsa. Ngati ndi kobwereka, ndi ka kampani, ndipo mwagulitsa galimoto muli katundu wa eni ake. Makampani ena sasamala zokatenganso, ena amafuna kabwezedwe kapena mulipire mtengo wake.

Chachinayi ndi zimene zimachitika mgwirizano ukafika kumapeto. Wambiri sungotha wokha. Umasanduka wa mwezi ndi mwezi, kapena umadziwonjezera chaka china. Munthu amene akuti "wanga unatha kalekale" kawirikawiri amakhala akulipirabe.

Onaninso kuti ndalamayo imadulidwa ndi ndani. Nthawi zina siipita mwachindunji ku kampani ya thiraka. Imalowa mu ndalama ya inshuwalansi, kapena inaphatikizidwa mu ngongole ya galimoto pa nthawi yogula. Zikakhala choncho, kuthetsa inshuwalansi kapena kumaliza ngongole sikutanthauza kuti thiraka nayo yatha. Funsani mbali zonse ziwiri, aliyense akuyankheni polemba.

Njira zilipo zitatu, ndipo kuthetsa si yotchipa nthawi zonse

Mukhoza kuthetseratu mgwirizano, kuusamutsira kwa wogula, kapena kuusamutsira pa galimoto ina yanu. Kuti muone kusiyana kwake, titenge chitsanzo ichi. Manambalawa ndi ongoyerekezera, anu muwapeze mu mgwirizano wanu.

Munthu anasaina mgwirizano wa miyezi 36 kuyambira pa 1 Seputembala. Notisi yake ndi mwezi wathunthu wa pakalendala, ndipo wochoka msanga amalipira theka la ndalama ya miyezi yotsala. Galimoto waigulitsa pa 10 Juni, umene uli mwezi wa 22.

Akanakhala kuti anatumiza kalata pa 28 Meyi, atangogwirizana mtengo ndi wogula, mgwirizano ukanatha pa 30 Juni. Miyezi yotsala ikanakhala 14, theka lake ndi ndalama ya miyezi 7. Akatumiza pa 12 Juni, galimoto itapita, mgwirizano ukutha pa 31 Julayi: alipira Julayi yense, kenako theka la miyezi 13, zonse pamodzi ndalama ya miyezi 7 ndi theka. Kusiyanako ndi kochepa. Koma akaiwala mpaka pa 20 Okutobala, mgwirizano ukutha pa 30 Novembala. Walipira miyezi isanu yathunthu, Julayi mpaka Novembala, pa galimoto imene siili yake, n'kuwonjezera theka la miyezi 9 yotsala. Zonse zakwana ndalama ya miyezi 9 ndi theka.

Tsono munthu yemweyu akakhala kuti wagula galimoto ina imene ikufunikanso thiraka, kuthetsa n'kutaya ndalama. Amangolipira wochotsa kachipangizo m'galimoto yakale ndi kukaika mu yatsopano, mgwirizano n'kupitirira miyezi 14 yotsala ija popanda chindapusa. Vuto lake ndi limodzi: kachipangizoko kachotsedwe galimoto isanaperekedwe. Ikangochoka pakhomo, mudzayamba kupempha wogula kuti apeze tsiku lopita nayo kwa amisiri, ndipo iye alibe chom'fulumizitsa. Makampani ena salola n'komwe kuchotsa. Amazimitsa kakaleko ndi kuika katsopano. Funsani kuti akatero miyezi ikupitirira pomwe inali kapena ikuyambiranso pa 1, chifukwa apa ndi pomwe anthu amasainira miyezi ina 36 osadziwa.

Kusamutsira kwa wogula ndiye kumaoneka kosavuta kuposa zonse, koma ndi kumene kumakola anthu ambiri. Wogula akanena kuti "musavutike, ndizilipira ndine," mawu amenewo kampani sakuikhudza. Kusamutsa kumatheka pokhapokha wogulayo atadzaza fomu ya kampani, kupereka chiphaso chake ndi akaunti yake ya ku banki, kampaniyo n'kumuvomera. Mpaka tsiku limenelo, ngongole ndi yanu. M'patseni malire, mwachitsanzo masiku 7, ndipo notisi yanu itumizeni ndithu osadikira. Akasaina, mungouza kampani polemba kuti notisiyo igwe. Akapanda kusaina, masiku anu akhala akuwerengedwa kale.

Kalata yothetsa mgwirizano

Foni ndi yofunsira mafunso. Kuthetsa kuchitike polemba, ndipo kalatayo ipite ku adiresi imene mgwirizano watchula. Ikapita kwa munthu amene anakugulitsani thiraka, kapena ku garaja imene inaika kachipangizo, mwina siifika kumene ikufunika, chifukwa oikawo nthawi zambiri amakhala ongopatsidwa ntchito ndi kampaniyo ndipo sakhudza za maakaunti.

Kalatayo isatalike. Mulembe dzina lanu monga lilili pa mgwirizano, nambala ya akaunti, nambala puleti ya galimoto, ndi nambala ya chasisi, imene pa mapepala ambiri imalembedwa kuti VIN ndipo pa magalimoto ambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Nambala ya chasisi musaisiye. Puleti imatha kusintha galimoto ikagulitsidwa, ndipo ngati muli ndi magalimoto angapo pa akaunti imodzi, kalata yosatchula bwino galimoto imachititsa kuti azimitse thiraka ya galimoto imene mukuyendabe. Zoterezi zimadziwika pa tsiku loipa kwambiri, galimotoyo itabedwa.

Kenako nenani tsiku limene munagulitsa, ndipo munene mosazungulira kuti kalatayi ndi notisi yothetsa mgwirizano. Mawu ngati "ndimafuna kudziwa ngati n'kotheka kusiya" amawerengedwa ngati funso chabe, masiku sayamba kuwerengedwa. Pomaliza pemphani zinthu zinayi: nambala yotsimikizira kuti alandira pempho lanu, tsiku lenileni limene mgwirizano ukutha, ndalama yonse yotsala atailemba mzere ndi mzere, ndi tsiku la kudula komaliza ku banki.

Phatikizani chithunzi cha chiphaso chanu ndi umboni woti mwagulitsa, monga pangano logulitsirana losainidwa ndi nonse awiri, pepala losintha umwini, kapena invoisi ya dilala ngati munasinthitsa galimotoyo ndi ina. Amene angathetse ndi mwini akaunti yekha. Galimoto ikakhala ya bizinesi, kalata ikhale pa pepala la bizinesiyo ndipo asaine munthu wovomerezeka. Kusamala kumeneku kumatopetsa, koma kuli ndi chifukwa chake: popanda iko, wakuba akanatha kuimba foni n'kuzimitsa thiraka asanabe galimoto.

Pakadutsa masiku atatu kapena asanu ogwira ntchito osayankhidwa, imbani foni, tchulani tsiku limene munatumiza imelo, lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi nthawi yake. Akakuuzani kuti pali fomu ina yoti mudzaze, dzazani, koma muwakumbutse polemba kuti notisi inayamba pa tsiku la kalata yoyamba ija.

Ku banki kukhale komaliza

Anthu ambiri akakwiya amathamangira ku banki kukaletsa kuti ndalama isamadulidwe. Kuletsako kumatseka njira yolipirira, koma mgwirizano umakhala ulipobe. Kampani imapitiriza kulemba mwezi uliwonse ngati ngongole, mwina ndi chindapusa cha kulephera kudula, ndipo pakapita nthawi imapereka nkhaniyo kwa otolera ngongole. M'maiko amene muli mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, dzina lanu likhoza kudetsedwa chifukwa cha galimoto imene munaiiwala kale.

Ndondomeko yabwino ndi iyi: mulandire kaye kalata yotsimikiza tsiku lomaliza, mulole kudula komaliza kudutse, kenako muletse chilolezo chodulira ku banki kapena muchotse khadi yanu pa akaunti ya kampaniyo. Yang'anani sitetimenti miyezi itatu yotsatira. Kudula kumodzi kolakwika kumachitikachitika, chifukwa makampani amatumiza ku banki mndandanda wa oti adulidwe masiku angapo tsiku lodula lisanafike. Mukakhala ndi kalata yotsimikiza m'manja, kubwezeredwa ndalama imeneyo sikuvuta, ndipo banki nayo imakhala ndi poyambira mukadandaula, bola musachedwe, poti mabanki amakhala ndi malire a masiku odandaulira.

Amene analipiriratu chaka chonse afunse za ndalama ya miyezi yosagwiritsidwa ntchito. Mapangano ena amabweza, ena amaisunga kuti idzagwire ntchito pa galimoto yotsatira, ena sabweza konse. Kawirikawiri sabweza okha popanda kupemphedwa.

Kachipangizo kamene katsala m'galimoto

Apa ndi pomwe nkhani ya mapepala imakumana ndi mawaya. Thiraka zilipo za mitundu itatu. Ina imangolowetsedwa pa soketi ya OBD, yolumikizirapo makina oyezera mavuto a galimoto, ya mapini 16, imene nthawi zambiri imakhala pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala. Imeneyi mumangoizula ndi dzanja. Ina imakhala ndi batire yakeyake, yopanda waya, yomatidwa pobisika. Yachitatu ndi yolumikizidwa ku mawaya a galimoto: waya wina ku moto wokhalitsa wa batire, wina ku bode, wina ku mzere umene umayaka mukapotokola kiyi.

Yachitatuyi ndi imene imafuna kusamala, makamaka ngati ili ndi mphamvu yoletsa injini kulira. Poika, mmisiri amadula waya wa sitata kapena wa pampu ya mafuta, n'kuikapo rileyi, kaswitchi kotsegula ndi kutseka moto, pakati. Munthu akangozula kabokosiko ndi rileyi yake osalumikizanso waya wodulidwa uja, galimoto imakana kulira. Chizindikiro chake ndi chodziwika: magetsi a pa dashibodi akuyaka bwinobwino, batire ndi yodzadza, koma mukapotokola kiyi sitata ili zii. Ngati anadula wa pampu, sitata imazungulira koma injini osagwira, ndipo kaphokoso kaja ka pampu kamene kamamveka masekondi awiri kapena atatu mukangoyatsa kiyi sikamveka. Makaniko wosadziwa kuti munali thiraka akhoza kusintha sitata yabwinobwino. Kuchotsa koyenera ndi kubwezeretsa waya monga unalili, kuulumikiza molimba, kuukuta bwino, osati kungopotokola ndi kukulunga tepi. Ngati kachipangizoko ndi ka kampani, achotse ndi amisiri awo, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti kabwezedwa, lokhala ndi nambala yake.

Kukasiya momwemo n'kololedwa ngati ndi kanu kapena kampani yavomera, koma wogula auzidwe. Kachipangizo kozimitsidwa ku ofesi sikasiya kukoka moto. Kamakoka pang'ono kwambiri, koma galimoto ikaima masabata angapo zimaonekera pa batire, ndipo kabatire kake ka mkati kakakalamba kukokako kumatha kukula. Wogula akadzafuna kuika thiraka ina, mmisiri wake ayenera kudziwa kuti muli kale ina. Ngati panali timatagi topachika pa makiyi, timene timauza kachipangizo kuti woyendetsa ndi wovomerezeka, tiperekeni tonse limodzi ndi makiyi pa nthawi imene mgwirizano ukadali woyaka. Popanda timeneti, galimoto ikangosuntha alamu imalira ku ofesi ya kampani.

Masiku a pakati

Pakati pa tsiku logulitsa ndi tsiku limene mgwirizano ukutha pamakhala masabata angapo amene galimoto ndi ya wina koma akaunti ndi yanu. Nthawi imeneyi ili ndi mavuto akeake.

Apu ya pafoni yanu imakhala ikuonetsabe komwe galimoto ili, komwe yagona, ndi maulendo ake onse. Zimenezo tsopano ndi mayendedwe a munthu wina, ndipo m'maiko ambiri kulondola munthu iye osadziwa kumasemphana ndi malamulo oteteza chinsinsi cha anthu. Pemphani kampani ichotse galimotoyo pa apu yanu pa tsiku loipereka, ngakhale ndalama ikupitirira mpaka kumapeto kwa notisi. Kufufuta apu pafoni sikokwanira, akauntiyo imakhalabe yotseguka, ndipo ena a m'banja kapena antchito amene munawapatsa pasiwedi amaonabe. Musanachotsedwe, koperani mbiri ya maulendo ngati mudzaifuna pa za msonkho kapena za bizinesi, poti akaunti ikatsekedwa kuipeza kumavuta. Batani loletsa injini musalikhudze, ngakhale wogula atakhala kuti sanamalize kulipira. Mkangano wa ndalama uli ndi njira zake, ndipo kuimitsa galimoto ya wina pamsewu kukhoza kukusandutsani wolakwa.

Kwa alamu yoyang'aniridwa ndi ofesi, vuto ndi la mafoni. Wogula akachotsa batire kuti aisinthe, kapena galimoto ikanyamulidwa pa lole, kachipangizo kamatumiza chizindikiro chofanana ndi cha kubedwa. Ofesi imaimbira inu, kaya ndi usiku, kenako achibale amene munawalemba kuti aziimbiridwa pakagwa zadzidzidzi. Pakapanda woyankha, makampani ena amatumiza gulu lawo kukalondola galimotoyo, ndipo wogula wosalakwa akhoza kuimitsidwa ngati wakuba. Ulendo wopanda pake woterowo mapangano ena amaulipiritsa kwa mwini akaunti. Ndiye pa tsiku lopereka makiyi, imbirani chipinda choyang'anira ma alamu, osati ofesi ya maakaunti yokha, muwauze kuti galimoto yasintha manja ndipo alembe pa fayilo. Magawo awiriwa nthawi zambiri sauzana msanga.

Mbali inanso: galimotoyo ikabedwa m'masiku amenewa, kampani imamvera mwini akaunti, osati wogula. Muuzeni wogulayo mosabisa tsiku limene ulonda ukutha, kuti asayende akuganiza kuti ndi wotetezedwa, komanso kuti afunse inshuwalansi yake ngati ikufuna thiraka yoyaka.

Inunso samalani mbali ya inshuwalansi yanu ngati mwatumiza notisi msanga. Ngati inshuwalansi inaika lamulo loti galimoto ikhale ndi thiraka yogwira ntchito, tsiku lozimitsa lisabwere galimoto ikadali m'manja mwanu. Malonda amatha kulephereka pa tsiku lomaliza, wogula osabweranso. Zikatero lemberani kampani msanga kuti mukubweza notisi, chifukwa galimoto ikabedwa thiraka itazima, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Akapitiriza kudula

Tumizani kalata yodandaula yokhala ndi zinthu zitatu zokha: imelo yanu yoyamba ndi tsiku lake, nambala yotsimikizira, ndi tsamba la sitetimenti losonyeza ndalama yodulidwa tsiku lomaliza litadutsa. Tchulani ndalama imene mukufuna ibwezedwe ndi tsiku loti ikhale itabwera. Akati kalata yanu sanailandire, imelo yotumizidwa ku adiresi ya mu mgwirizano ndiyo umboni wanu, n'chifukwa chake foni yokha siyodalirika. Akati chindapusa ndi cha miyezi yonse yotsala, apempheni aloze ndime ya mgwirizano imene ikunena choncho, ndipo fufuzani lamulo loteteza ogula la m'dziko lanu, chifukwa maiko ena amaika malire pa chindapusa chotere ndi pa kutalika kwa notisi. Zikakanika, nkhaniyo ipite ku bungwe loona madandaulo a ogula.

Otolera ngongole akakuimbirani, musavomere ngongoleyo pafoni ndipo musalipire "kangachepe" kuti akusiyeni, chifukwa kulipirako kukhoza kutengedwa ngati kuvomera. Atumizireni kalata yotsimikiza ija ndi kuwauza polemba kuti ngongoleyo mukuitsutsa. Zonse zikatha, pemphani kampani kalata yonena kuti akaunti yatsekedwa ndipo palibe chotsala, muisunge pamodzi ndi pangano logulitsira galimoto kwa zaka zingapo.